Ngongole ya K6 miliyoni, chikole cha K12 miliyoni: banki imawerengera bwanji?

Mukatsegula nyuzi chapakati pa sabata, kumasamba akumapeto komwe kumakhala zidziwitso, simulephera kupeza mndandanda wa katundu amene akugulitsidwa pa okushoni. Pamakhala nyumba ya zipinda zitatu ku Chilomoni, puloti ku Area 25, minibasi, thirakitala, nthawi zina ngakhale mafiriji ndi makina osokera. Ambiri timangodutsapo n'kupita ku tsamba la zamasewero. Koma katundu wambiri pamndandanda umenewo anali chikole. Mwini wake anasainira kuti akalephera kubweza ngongole, wobwereketsa adzagulitse katunduyo n'kutengapo ndalama zake.

Funso limene anthu amafunsa kawirikawiri ndi loti: ngati ndili kale ndi galimoto kapena nyumba, ndiye kuti sindine wosauka, nanga bwanji banki imangokongoza amene ali nazo kale? Palinso funso lina limene limawawa kwambiri kwa amene anapitako kukafunsa ngongole: bwanji akufuna katundu wa K12 miliyoni pamene ine ndikungofuna K6 miliyoni? Mafunso awiriwa ali ndi mayankho, ndipo mayankho ake ndi a masamu, osati a nkhanza chabe monga ambiri timaganizira.

Tiyambe ndi ndalama zimene banki imabwereketsa. Zambiri mwa ndalamazo si zake. Ndi za mphunzitsi amene malipiro ake alowa dzulo, za mlimi amene wagulitsa soya, za mpingo umene ukusonkha zomangira tchalitchi. Anthu amenewa akabwera pa kauntala kudzatapa ndalama zawo, banki singawauze kuti adikire kaye chifukwa amene anawakongoza sanabweze. N'chifukwa chake banki yaikulu ya dziko lino imayang'anira mmene mabanki amakongozera, ndipo ngongole ikayamba kuvuta kubwezedwa, banki imayenera kupatula ndalama kuchokera pa phindu lake zoti zidzakwirire dzenjelo.

Tiyerekeze kuti banki yakongoza anthu 100, aliyense K1,000,000, kwa chaka chimodzi. Ikachotsa chiwongola dzanja chimene imapereka kwa osunga ndalama, malipiro a antchito, lendi ndi zina zotero, tinene kuti pa munthu aliyense ikutsala ndi K80,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma taonani chimene chimachitika munthu mmodzi yekha akathawa osabweza kalikonse. Banki yataya K1,000,000, ndipo kuti ndalama imeneyi ibwerere pakufunika phindu lochokera kwa anthu 13 okhulupirika. Akathawa anthu asanu ndi atatu, phindu lonse la chaka latha ndipo banki yayamba kudya ndalama za eni ake. Tsono ngati wothawa uja anasiya chikole chimene chagulitsidwa n'kupezapo K700,000, banki yangotaya K300,000, ndipo phindu la anthu anayi likukwanira kutseka. Ntchito yoyamba ya chikole ndi imeneyi. Sichiletsa ngongole kuvuta, koma chimachepetsa kukula kwa bala ikavuta.

Ntchito yachiwiri ndi yokhudza zimene wobwereketsa sangathe kuona. Anthu awiri akhoza kulowa mu ofesi imodzi atavala bwino, onse ndi mapepala a bizinesi olembedwa mwaluso. Mmodzi wawerengera bwino ndipo akudziwa kuti adzabweza. Winayo akungoyesa mwayi, kapena ali kale ndi ngongole zitatu kwina zimene sanazitchule. Wogwira ntchito ku banki sangalowe mumtima mwa munthu. Koma akatchula za chikole, awiriwa amayamba kusiyana okha. Amene akukayikira bizinesi yake amazengereza kuikapo nyumba imene ana ake akugonamo, pamene amene akudziwa chimene akuchita amalimba mtima. Si nthawi zonse pamene kusefa kotereku kumalondola, pakuti alipo olimba mtima amene amalakwitsa masamu, koma kumathandiza.

Ndipo ndalama zikatuluka, chikole chimagwirabe ntchito. Munthu amene walandira K6 miliyoni ya chigayo amakumana ndi mayesero ambiri: maliro, fizi, mlamu amene wabwera ndi nkhani ya bizinesi ya msanga ku Joni. Mwezi ukavuta ndipo ali ndi ngongole zingapo, amayamba kubweza imene ili ndi galimoto yake kumbuyo. Obwereketsa amadziwa zimenezi.

Chimene anthu ambiri sakhulupirira n'chakuti banki siifuna galimoto yanuyo. Kulanda ndi kugulitsa katundu kumadya nthawi, kumafuna maloya, ndipo kumaipitsa dzina. N'chifukwa chake banki yoyenda bwino imayamba yafunsa kumene ndalama zobwezera zidzachokere, n'kuona mmene ndalama zakhala zikulowera ndi kutuluka mu akaunti yanu kwa miyezi ingapo. Munthu akhoza kukhala ndi nyumba yabwino koma n'kukanizidwa ngongole chifukwa bizinesi yake siikuonetsa kuti ingabweze. Ndipo mukaona wobwereketsa amene sakufunsa n'komwe za bizinesi yanu, maso ake ali pa katundu yekha, dziwani kuti ameneyo akufuna katunduyo. Tidzabwereranso kwa iye kutsogoloku.

Mayi Nachisale ndi pikapu yawo

Kuti tione mmene zimayendera, titenge nkhani yongopeka ya Mayi Nachisale, amene ali ndi golosale pa malo ena a malonda m'boma la Ntcheu. Akufuna K6,000,000 kuti agule chigayo ndi kukokera magetsi m'kanyumba kamene anamanga kale. Ali ndi pikapu imene amanyamulira katundu wa m'golosale, ndipo akudziwa kuti pikapu zotere zikugulitsidwa pa K12,000,000.

Banki siitenga mtengo umene mayiwa anena. Imatumiza katswiri woona mitengo ya katundu, ndipo kawirikawiri amene amalipira katswiriyo ndi wobwereka. Katswiriyu amalemba mitengo iwiri. Woyamba ndi mtengo wa pamsika, umene mwini angapeze ngati sakufulumira, wayeretsa galimoto yake, waiika pamsewu ndi chikwangwani ndipo akutha kukana ogula atatu n'kudikira wachinayi. Wachiwiri ndi mtengo wogulitsira mokakamizidwa, umene ungapezeke ngati katunduyo akuyenera kugulitsidwa m'masabata ochepa, kwa ogula amene akudziwa kuti wogulitsa alibe kothawira. Pa pikapu ya Mayi Nachisale tinene kuti mtengo woyamba ndi K12,000,000 ndipo wachiwiri ndi K9,000,000.

Banki imayang'ana mtengo wachiwiriwo, ndipo imachotsaponso. Chifukwa chake n'chakuti tsiku logulitsa si lero. Likadzafika, pikapu idzakhala itayenda chaka china kapena ziwiri m'misewu ya fumbi. Mwini amene akuvutika ndi ndalama sasinthanso oyilo pa nthawi yake, ndipo matayala amatha mpaka waya kuonekera. Ngongole nayo idzakhala itakula ndi chiwongola dzanja cha miyezi imene sinabwezedwe, ndipo padzakhala ndalama zolipira amene adzalande, kusunga ndi kugulitsa galimotoyo. Pamene mayiwa akuona K12 miliyoni itaima pabwalo, banki ikuona ndalama imene ingadzatsale m'manja pa tsiku loipitsitsa. Kusiyana kwa K12 miliyoni ndi K6 miliyoni kwagona pamenepo.

Ngongole yavomerezedwa, yobweza kwa miyezi 24, pa chiwongola dzanja cha K3 pa K100 iliyonse pamwezi, chowerengedwa pa ndalama imene yatsala. Izi zikutanthauza kuti mwezi uliwonse mayiwa azipereka pafupifupi K354,000, ndipo pomaliza adzakhala atapereka pafupifupi K8,500,000. Asanalandire ndalamazo asainira pangano lopereka pikapu ngati chikole, asiya bulubuku ku banki, ndipo alamulidwa kudula inshuwalansi yokwanira, yoti galimoto ikachita ngozi kapena kubedwa, kampani ya inshuwalansi idzayambe yalipira banki. Pikapu ikhalabe m'manja mwawo ndipo apitiriza kuigwiritsa ntchito. Apa ndi pamene chikole cha ku banki chimasiyana ndi pinyolo wa m'tauni, kumene umasiya wailesi kapena laputopu m'manja mwa wokongozayo mpaka utabweza.

Kwa miyezi isanu ndi itatu zonse zayenda bwino. Mayi Nachisale apereka pafupifupi K2,830,000. Mwachibadwa iwo akuganiza kuti atsala pang'ono kufika theka la ngongole. Koma sitetimenti ikuonetsa kuti ngongole yatsala pa K4,450,000. Pa ndalama zonse zimene apereka, K1,550,000 yokha ndi imene yachepetsa ngongole yeniyeni, ndipo yotsalayo yapita ku chiwongola dzanja. Palibe chinyengo apa. Miyezi yoyambirira ngongole imakhala ikadali yaikulu, choncho chiwongola dzanja chimadya gawo lalikulu la zimene mukupereka. Mwezi woyamba weniweniwo, pa K354,000 ija, K180,000 inali chiwongola dzanja. Ndi bwino kupempha ndandanda wa kabwezedwe musanasaine, kuti zimenezi muzione ndi maso anu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimenecho mvula yadula, anthu alibe chimanga chokagayitsa, ndipo thiransifoma ya m'deralo yapsa n'kukhala miyezi osakonzedwa. Mayi Nachisale asiya kubweza. Banki yaimba foni, yalemba kalata yokumbutsa, kenaka kalata yofuna ngongole yonse. Mayiwa, chifukwa cha manyazi ndi mantha, asiya kuyankha foni. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, K4,450,000 ija yafika pafupifupi K5,310,000, ndipo apa sitinawerengere chilango cha kuchedwa chimene mapangano ambiri amakhala nacho. Pikapu yalandidwa. Maloya, okoka galimoto, osunga ndi ogulitsa pa okushoni atenga, tinene, K900,000.

Tsopano pali njira ziwiri. Ngati pikapu inali yosamalika ndipo yagulidwa pa K8,000,000, poyamba amachotsa K900,000 ya zolipira zija, kenaka K5,310,000 ya banki, ndipo K1,790,000 yotsala ndi ya Mayi Nachisale. Banki ilibe ufulu wosunga ndalama yotsalayo, pokhapokha ngati pali wobwereketsa wina amene analembetsanso chikole pa galimoto yomweyo. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo katundu wawo akagulitsidwa sapitanso kukafunsa kuti anagulitsidwa zingati. Muli ndi ufulu wopempha kuti akulembereni mtengo umene katundu anagulitsidwira ndi mmene ndalamazo zagawidwira.

Koma ngati injini inali itayamba kufuka ndipo pikapu yangogulidwa pa K5,000,000, akachotsa K900,000 patsala K4,100,000. Ngongole inali K5,310,000. Mayi Nachisale alibenso galimoto, ndipo akadali ndi ngongole ya K1,210,000, imene banki ikhoza kukaitsata kukhoti. Iyi ndi mfundo imene ndimaona kuti anthu amaiphonya koposa zonse. Timaganiza kuti chikole ndi malire a zimene tingataye, kuti zikavuta adzangotenga galimotoyo nkhani n'kutha. Ayi. Chimene munalonjeza ndi kubweza ndalama, ndipo chikole ndi njira imodzi chabe yopezera ndalamazo. Chikapanda kukwanira, lonjezo lija likadalipo.

Taonaninso pamene mayiwa anataya ndalama zambiri. Sipanali pa chilala kapena pa thiransifoma ayi, koma pa miyezi isanu ndi umodzi ya kukhala chete ija. Akanapita ku banki mwezi woyamba umene analephera, akanatha kupempha kuti nthawi yobwezera italikitsidwe kuti ndalama ya pamwezi ichepe. Zikanakanika, akanatha kupempha chilolezo chogulitsa okha pikapu pa mtengo wa pamsika. Ngakhale akanaigulitsa pa K10,500,000, akanabweza ngongole ya pafupifupi K4,600,000 n'kutsala ndi ndalama zoposa K5 miliyoni. Mabanki nthawi zambiri amalola zimenezi chifukwa nawonso zimawapeputsira ntchito. Choletsedwa ndi kugulitsa mobisa, banki osadziwa, pakuti pamenepo nkhani ya ngongole ikhoza kusanduka mlandu wa chinyengo.

Chifukwa chake mapepala ndi amene amalamula

Wina angafunse kuti, popeza pikapu imakhalabe ndi mwini wake, chingamuletse n'chiyani kukaipereka ngati chikole kwa wobwereketsa wachiwiri ndi wachitatu? Kwa zaka zambiri vuto limeneli linkachititsa kuti mabanki a m'Malawi azikonda malo ndi nyumba zokha, chifukwa zimenezi zili ndi kaundula ku unduna wa za malo, kumene ngongole imalembedwa pa chikalata cha malowo ndipo aliyense wofufuza amaiona. M'chaka cha 2013 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokhudza chikole cha katundu wosunthika, ndipo potsatira lamuloli panatsegulidwa kaundula wa pa intaneti amene amayendetsedwa ndi ofesi ya boma yomwe imalembetsanso makampani. M'kaundulayu wobwereketsa amalemba kuti katundu wakuti wa munthu wakuti ndi chikole chake. Akhoza kukhala galimoto, makina, ziweto, mbewu kapena katundu wa m'sitolo. Obwereketsa awiri akakanganirana katundu mmodzi, kawirikawiri amene anayamba kulembetsa ndi amene amayamba kulipidwa.

Kaundulayu amakhudzanso inu amene simunabwereke kalikonse. Mukamagula galimoto kapena chigayo chogwiritsidwa kale ntchito, ndipo wogulitsa akuti bulubuku linasowa kapena lili ndi achimwene ake ku Lilongwe, imani kaye. N'kutheka kuti lili m'kabati ya banki, ndipo tsiku lina mudzaona anthu atabwera kudzatenga galimoto imene munalipira ndalama zonse.

Nkhani ya malo ili ndi zake. Munthu akhoza kukhala ndi munda wa maekala khumi umene makolo ake akhala akulima kuyambira kalekale, mfumu ndi mudzi wonse n'kumachitira umboni, koma banki n'kuukana. Sikuti banki ikukayikira kuti mundawo ndi wake. Funso la banki ndi lakuti, zikavuta, tidzaugulitsa kwa yani, ndipo wogulayo adzapatsidwa pepala lanji? Malo a makolo amakhala ndi eni ambiri, amalume, alongo ndi adzukulu, ndipo mlendo amene wagula pa okushoni sangalimepo mwamtendere. N'chifukwa chake puloti yaing'ono ya m'tauni yokhala ndi lizi imakongoletsa ndalama zambiri kuposa munda waukulu wa kumudzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti malo otere azilembetsedwa, koma kulembetsa ndi sitepe yoyamba chabe. Wobwereketsa amafunabe kuona kuti pali msika wa malowo.

Pa malo olembetsedwa, lamulo silimalola banki kungodzuka n'kugulitsa nyumba. Imayenera kupereka chidziwitso cholembedwa, ndipo mwini amakhala ndi miyezi itatu yoti akonze zinthu isanagwiritse ntchito mphamvu yake yogulitsa. Pogulitsapo imayeneranso kuchita mwachilungamo, moganizira mwini nyumbayo, osati kungoitaya kwa mnzake pa mtengo wa bonya. Koma chidziwitsocho chimatumizidwa ku keyala imene munalemba pa pangano. Amene anasamuka osadziwitsa banki amadzamva za nyumba yake kwa anansi amene aona chidziwitso m'nyuzi.

Amene alibe galimoto kapena puloti

Ophunzira ambiri amene akuwerenga nkhaniyi alibe chilichonse mwa zimene tatchulazi, ndipo ndi chifukwa chake mabanki sathamangira kukongoza fizi. Digiri singalandidwe n'kugulitsidwa pa okushoni. Ngongole za ophunzira zimene boma limapereka kudzera ku bungwe lake zimadalira malipiro a mtsogolo, amene olemba ntchito amayenera kudulako wophunzirayo akayamba ntchito.

Komabe pafupifupi wobwereketsa aliyense amapeza chinthu chogwira. Ku SACCO chikole ndi masheya ndi ndalama zimene mwasunga, ndipo ngongole imene mungatenge imayenderana ndi kuchuluka kwa zimenezo. Ku banki m'khonde, komanso m'magulu amene mabungwe a ngongole zing'onozing'ono amakongoza, chikole ndi anzanu. Mmodzi akalephera, gulu limasonkha, ndipo pambuyo pake gululo ndi limene limapita kunyumba kwake kukanyamula mbuzi kapena malata. Kwa wogwira ntchito m'boma, ngongole imadulidwa pa malipiro asanafike m'manja mwake. Palinso mbiri yanu ya kabwezedwe, imene mabanki amatumiza ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka potsatira lamulo la 2010, moti amene anathawa ngongole ku banki ina amakapezeka ku inzake.

Ndiye pali chikole chimene chimakhudza kwambiri ife a mumpingo, chomwe ndi munthu. Mnzanu wa m'kwaya, kapena mkulu wa mpingo amene mumamulemekeza, amabwera ndi fomu n'kunena kuti, "Akungofuna mboni, tangosainani apa." Werengani mawu amene ali pamwamba pa mzere umene mukusainawo. Mboni yeniyeni imangovomereza kuti yaona munthu akusaina, ndipo ilibe ngongole. Koma ngati pepalalo likunena kuti mukumuimira wobwerekayo, ndiye kuti mwalonjeza kubweza ngongole yake iye akalephera. Mapangano ambiri amalembedwa mwakuti banki ikhoza kubwera kwa inu mwachindunji, osayamba yatopa ndi kusaka mwini ngongole. Ena amakumangani pa ngongole zonse zimene munthuyo angadzatenge ku bankiyo, ngakhale zimene simunazimvepo. Ngati mwasankha kuimira munthu, onetsetsani kuti pepalalo latchula ngongole imodzi ndi ndalama yeniyeni imene simungapitirire, ndipo ikhale ndalama imene mungathe kuitaya popanda banja lanu kugona ndi njala. Chimodzimodzinso makolo amene amapereka chikalata cha nyumba yawo kuti mwana atengere ngongole ya bizinesi. Ndalama amadya ndi mwana, koma nyumba imene idzatuluke m'nyuzi ndi ya makolo.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa owerenga Baibulo. Miyambo 22:26-27 imachenjeza za kuimira ngongole ya wina, ndipo chimene imatchula kuti chingalandidwe ndi kama amene munthu amagonapo. Chilamulo cha Mose sichinaletse chikole, koma chinachiikira malire. Pa Deuteronomo 24 wokongoza analetsedwa kutenga mphero ngati chikole chifukwa ndi imene banja limadyera, analetsedwa kulowa m'nyumba ya wobwereka kukadzisankhira katundu, ndipo chofunda cha munthu wosauka chinkayenera kubwezedwa dzuwa likamalowa. Mfundo ya mphero ija ndi yothandiza ngakhale pa masamu okha. Mukapereka ngati chikole chinthu chimene chimakubweretserani ndalama, tsiku limene chalandidwa mwatayanso njira yobwezera zimene zatsala. Mayi Nachisale atataya pikapu, golosale yawo inayamba kulipira mahayala, pa nthawi yomwe inkafunika kupeza K1,210,000.

Tibwerere kwa wobwereketsa uja amene safunsa za bizinesi. Wakatapila amapereka ndalama tsiku lomwelo, ndipo chikole chake chimakhala khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, chiphaso cha unzika, kapena laputopu imene wophunzira akulembera kafukufuku wake. Choopsa kwambiri ndi pepala limene ena amasainitsa pa katundu wamkulu. M'malo molemba kuti wakukongozani K1,500,000 ndipo galimoto ndi chikole, amalemba kuti mwamugulitsa galimotoyo, n'kukuuzani pakamwa kuti mukabweza adzang'amba pepalalo. Mukachedwa ndi sabata imodzi, iye ali ndi umboni wolembedwa woti galimoto ndi yake. Palibe chidziwitso, palibe okushoni, ndipo palibe ndalama yotsala yobwerera kwa inu, ngakhale galimotoyo ikhale ya K12 miliyoni. Kukatsimikizira khoti kuti kunali kukongola osati kugulitsa n'kotheka, koma ndi ntchito yaikulu pamene siginecha yanu ikunena zina. Njira yozindikirira ndi yapafupi: pangano la ngongole limatchula ndalama imene mwabwereka, chiwongola dzanja, masiku obwezera ndi zimene zidzachitike mukalephera. Pepala limene lili ndi mawu oti wogula ndi wogulitsa si la ngongole, kaya akuuzani zotani.

Tsiku lomaliza kubweza

Tiyerekeze tsopano kuti mvula inagwa bwino, chigayo chinalira usana ndi usiku, ndipo Mayi Nachisale apereka K354,000 yomaliza m'mwezi wa 24. Ambiri amathera pomwepa, kupita kunyumba n'kukaphika nkhuku. Koma chikole sichidzimasula chokha. Mayiwa akuyenera kupempha kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, kutenga bulubuku lawo, kuuza kampani ya inshuwalansi kuti ichotse dzina la banki, ndi kuonetsetsa kuti banki yafufuta zimene inalemba m'kaundula wa chikole. Ikanakhala nyumba, pakanafunika chikalata chomasula malowo, chimene chimakalembetsedwa ku kaundula wa malo, ndipo kawirikawiri pamakhala kandalama kolipira.

Pali chifukwa chinanso chochitira zimenezi msanga. Mapangano ena amanena kuti chikole chikugwira ngongole zonse zimene muli nazo ku bankiyo, za lero ndi za mtsogolo. Ngati Mayi Nachisale asiya bulubuku kumeneko, n'kudzatenga kangongole ka K400,000 kogulira katundu wa m'golosale chaka chamawa, pikapu ija ikhoza kukhala itamangidwanso iwo osadziwa. Ndipo ngati palibe ngongole ina, dzina la banki lotsalira m'kaundula limadzatulukira pa tsiku limene apeza wogula galimoto, kapena pamene ana akugawana chuma cha masiye patapita zaka khumi, wogwira ntchito amene ankadziwa nkhaniyo atachoka kalekale ndipo fayilo ikufunika kukasakidwa ku likulu la banki.